Mzati uliwonse wasenza zingati? Kuwerengera mphamvu pansi pa bimu

Bimu, mtanda wopingasa wosenza katundu pa chomangidwa, ikagona pa mizati iwiri, wina uku wina uko, katundu yense amene ili nayo amatsikira pa mizatiyo. Mizatiyo nayo imakankha bimu m'mwamba ndi mphamvu yolingana ndi imene ikuipanikiza, apo ayi bimu ikadagwa. Mphamvu ziwiri zokankhira m'mwambazi ndizo injiniya amayamba kupeza asanasankhe kukula kwa bimu, kwa mzati kapena kwa maziko. Akalakwitsa pano, zonse zotsatira zimalakwika limodzi.

Bimu imene tikukamba ndi yongotsamira pa malo awiri, yosamangiriridwa molimba kumapeto. M'zojambula, mbali imodzi imakhala pa pini, imene siilola bimu kusuntha koma imailola kupendekeka pang'ono. Mbali inayo imakhala pa rola, imene imailolanso kuyenda pang'ono m'litali ikamatalika chifukwa cha kutentha. Katundu yense akakhala wolunjika pansi, pini ilibe choti ikankhe chammbali, ndiye zosadziwika zimangotsala ziwiri: mphamvu ya pa mzati wakumanzere, umene tiutche A, ndi ya pa mzati wakumanja, B. Tizilemba RA ndi RB.

Malamulo ake ndi awiri basi. Loyamba likuti mphamvu zonse zokankhira m'mwamba zilingane ndi zonse zokankhira pansi. Lachiwiri likukhudza kutembenuka. Mphamvu ikakankha patali ndi malo ena ake, imafuna kuzungulitsa bimu pamalo amenewo, ndipo kukula kwa kuzungulitsako, kumene timati momenti, ndi mphamvuyo kuchulukitsa ndi mtunda wake. Bimu yokhala bata, mamomenti ozungulitsira mbali imodzi amalingana ndi ozungulitsira mbali inayo, pamalo alionse amene mungasankhe. Aliyense amene ananyamulapo mtengo ndi mnzake amalidziwa lamuloli ndi phewa: katundu akapachikidwa pafupi ndi iwe, wolemedwa kwambiri ndiwe.

Tiyeni titenge bimu ya mamita 6 kuchoka pa A kufika pa B. Mtundawu timayeza kuchoka pakati pa malo amene bimu yatsamira kufika pakati pa enawo, osati mpata woonekera pakati pa mizati. Pa bimuyi pali katundu wa mitundu iwiri. Wina ndi womwazika mofanana m'litali monse, makilonyutoni 5 pa mita iliyonse, olembedwa 5 kN/m. Ameneyu akhoza kukhala khoma lomangidwa pamwamba pake pamodzi ndi kulemera kwa bimu yeniyeniyo. Winayo ndi wogwera pamalo amodzi, 12 kN, pa mamita 2 kuchoka pa A, monga pamene bimu ina yaing'ono yatsamira. Kuti mukhale ndi chithunzi, kilonyutoni imodzi ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 102.

Katundu womwazikayo sitingamuphatikize ndi mnzakeyo momwe alili, chifukwa 5 kN/m si mphamvu yonse, ndi mlingo wa pa mita imodzi yokha. Timayamba tamuchulukitsa ndi kutalika kumene wagonapo: 5 kuchulukitsa ndi 6 ndi 30 kN. Poti wamwazika mofanana, timamutenga ngati wakhala yense pakati pa kutalikako, pa mamita 3 kuchoka pa A. Tsopano bimu ili ndi mphamvu ziwiri zolunjika pansi, 30 kN ndi 12 kN, zonse pamodzi 42 kN.

Tiwerengere mamomenti pa A. Tasankha pamenepa mwadala, chifukwa RA ili pa A pomwepo, mtunda wake ndi 0, choncho imachoka m'masamu n'kutisiyira chosadziwika chimodzi.

```
RB × 6 = (30 × 3) + (12 × 2) = 114
RB = 19 kN
RA = 42 − 19 = 23 kN
```

Tayang'anani ngati yankholi likumveka. Katundu womwazika ali pakatikati, ndiye mizati imagawana 15 ndi 15. Wa 12 kN uja ali pafupi ndi A, choncho A atenga magawo awiri mwa atatu, amene ndi 8, ndipo B atenga 4. Kuphatikiza, A ali ndi 23, B ali ndi 19. Zagwirizana.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Anthu ambiri akapeza RA ndi RB amaziphatikiza, naona kuti zakwana 42, n'kukhutira. Kumeneko si kutsimikiza ayi. RA tinaipeza pochotsa RB pa 42, ndiye kuphatikizako kudzakwana 42 nthawi zonse, ngakhale RB ikhale yolakwika chotani. Kutsimikiza kwenikweni ndi kuwerengeranso mamomenti pa mzati winawo, kuyeza mitunda yonse mwatsopano kuchoka pa B. Katundu wa 30 kN ali pa mamita 3, wa 12 kN ali pa mamita 4, zimene zikupereka 90 ndi 48, pamodzi 138. Kugawa ndi 6, RA ndi 23 kN, yopezeka popanda kudalira RB.

Phindu la njirayi limaoneka bwino katundu womwazika akakhala pa gawo chabe la bimu. Tinene kuti khoma lija likuyambira pakati pa bimu, pa mamita 3, n'kukathera pa B, ndipo kulemera kwa bimu tikuike pambali kaye kuti masamu aoneke bwino. Khoma lagona pa mamita 3, ndipo pa mlingo womwe uja wa 5 kN/m katundu wake ndi 15 kN; wa 12 kN uja akadali pamalo pake. Pakati pake ndi mita imodzi ndi theka kuchoka pamene layambira, kutanthauza mamita 4.5 kuchoka pa A. Cholakwika chofala ndicho kuiwala mamita 3 opanda kanthu aja n'kulemba 1.5 m'malo mwa 4.5. Wotero amapeza RB ya 7.75 kN ndi RA ya 19.25 kN, ndipo akaphatikiza zimakwana 27 kN, ndendende katundu yense. Palibe chomuchenjeza. Koma masamu oona ndi awa:

```
RB × 6 = (15 × 4.5) + (12 × 2) = 91.5   →  RB = 15.25 kN
RA × 6 = (15 × 1.5) + (12 × 4) = 70.5   →  RA = 11.75 kN
```

Mphamvu iliyonse yapezeka payokha, ndipo pano kuphatikiza kuli ndi tanthauzo: 15.25 ndi 11.75 zikwana 27. Wolakwitsa uja akadakonzera mzati B pafupifupi theka la katundu amene udzasenze, ndipo cholakwika cha mtundu umenewu n'chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa chimaikitsa mzati wochepa mphamvu pamalo ofunika wolimba.

Chizindikiro china n'chosavuta. Pa bimu yosapitirira mizati yake, katundu yense atalunjika pansi, RA ndi RB sizingatsike pansi pa 0, ndipo imodzi singapose katundu yense. Zikatero, pali mtunda kapena chizindikiro chimene chasokonekera. Musaiwalenso kulemera kwa bimu mwini wake pa ntchito yeniyeni. Konkire ya zitsulo imalemera pafupifupi 25 kN pa kiyubiki mita, choncho bimu ya mamita 0.2 m'lifupi ndi 0.4 kuya kwake imaonjezera 2 kN/m m'litali mwake monse.

Kusonkhanitsa katundu womwazika pamalo amodzi kumathandiza popeza mphamvu za pa mizati pokha. Mukafuna kudziwa mmene bimu ikupindikira mkati mwake, muyenera kumubwezera momwe anamwazikira, chifukwa katundu wounjikana pakati amapinda bimu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi yemweyo atamwazika m'litali monse. Ndipo mukaika mzati wachitatu pansi pa bimu yomweyo, zosadziwika zimakhala zitatu pamene malamulo akadali awiri. Pamenepo pamafunika kudziwanso kulimba kwa bimu ndi mmene imatsikira ikalemedwa, ndipo masamu ake ndi ena.