Pulani ya phunziro ndi zolemba pambuyo pake: chitsanzo cha masamu mu giredi 5

Aliyense wophunzira uphunzitsi, kaya ku Yunivesite ya Zambia, ku Chalimbana kapena pa koleji ina iliyonse, amafika nthawi yokaphunzitsa pasukulu yeniyeni, imene ambiri amangoitcha tiipii. Amapita ndi failo yokhala ndi silabasi, sikimu ya temu yonse, ndondomeko ya sabata, mapulani a phunziro lililonse ndi kaundula wa zimene waphunzitsa kale. Alekichala akabwera kudzamuona, amakhala kumbuyo kwa kalasi ndi pulani ya tsikulo m'manja, ndipo maso awo amathamangira malo awiri, pa cholinga kumayambiriro ndi pa kabokosi ka kumapeto kolembamo mmene phunziro layendera. M'mafailo ambiri kabokosi kameneka kamakhala ndi mzere umodzi wokha: "Phunziro layenda bwino, ana atengapo mbali." Chiganizo chimenechi chingalembedwe phunziro lisanayambe n'komwe, ndipo alekichala amadziwa zimenezo. Gwero la vutoli nthawi zambiri limakhala pa cholinga, chifukwa chikalembedwa mosaoneka mutu wake, palibe chimene mungayeze pamapeto.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa giredi 5 pa pulayimale ina ku Kanyama kapena ku Chawama, ana 72 pa rejisitala, piriyodi ya mphindi 40. Chiwerengerochi sichachilendo mu Lusaka, makamaka kuyambira mu 2022 pamene boma linachotsa fizi m'masukulu ake. Mutu wa lero ndi kuphatikiza mafulakishoni amene nambala zake za pansi n'zosiyana, monga 1/2 + 1/3. Pulaniyo mudzailemba m'Chingerezi, koma maganizo ake ndi omwewa.

Za pamwamba pa pepala sizivuta: dzina, sukulu, tsiku, kalasi, nthawi, mutu, chiwerengero cha anyamata ndi atsikana, ndi buku limene mwatengamo ntchito pamodzi ndi tsamba lake. Chenjerani pa chimodzi chokha. Maphunziro atsopano a mu 2023 anayamba kulowa m'masukulu mu 2025, kuyambira giredi 1 ndi fomu 1, ndipo akukwera pang'onopang'ono, choncho pasukulu imodzi mungapeze masilabasi awiri akugwira ntchito. Funsani aphunzitsi eni kalasi kuti ana awo ali pa iti, ndiponso fomu ya pulani imene sukulu ndi koleji yanu amavomereza.

Tsopano cholinga. Wongoyamba kumene amalemba kuti "ana amvetse kuphatikiza mafulakishoni". Kumvetsa kuli m'mutu mwa mwana, inu simungakuone. Lembani chimene mwana achite ndi dzanja kapena pakamwa, pa ntchito yotani, ndiponso mlingo wake: "Pomatha phunziro, ana aphatikize mafulakishoni awiri osiyana nambala za pansi powasintha kuti akhale ndi nambala ya pansi yofanana, ndipo akhoze mafunso atatu mwa anayi." Mawu akuti atatu mwa anayi ndi amene adzakupatseni chowerenga madzulo. Cholinga chimodzi kapena ziwiri n'zokwana. Pulani ya zolinga zisanu pa mphindi 40 ndi ya munthu amene sanaonepo kuti ana 72 amatenga nthawi yotani kungotulutsa mabuku m'zikwama.

Pansi pake pamabwera zimene ana akudziwa kale. Pano musalote. Phunziroli laima pa mafulakishoni ofanana mphamvu, kuti 1/2 ndi chimodzimodzi 3/6, ndipo ngati ana sanagwire zimenezo lonse ligwa. Tsegulani makope asanu kapena khumi dzulo lake muone mmene anakhozera ntchito imeneyo.

Zipangizo nazo zilembedwe ndi nambala. Ana 72 akakhala awiriawiri ndi magulu 36, gulu lililonse lifuna timizere tiwiri ta pepala, ndiye kuti timizere 72. Pepala limodzi la mu ofesi mukalidula m'litali limatulutsa timizere 8, choncho mapepala 9 akwana, ngakhale olembedwa kale kumbuyo. Musanadule, jambulani mizere isanu yopingasa pa pepala lonse kuti kamzere kalikonse katuluke kali kale ndi zigawo 6 zofanana. Mukasiyira ana kuti apinde okha, kupinda pakati amatha, koma kupinda patatu mofanana kumawavuta, ndipo mphindi khumi zithera pamenepo.

Mtima wa pulani ndi tebulo la magawo, lokhala ndi nthawi, zochita mphunzitsi ndi zochita ana. Gawani motere. Mphindi 3 zoyamba zisiyeni kuti ana akhazikike ndi kulandira timizere, chifukwa zidzatha ndithu kaya mwazilemba kaya ayi. Mphindi 5 zikhale zokumbutsana, ndi mafunso awiri pa bolodi: 1/2 ndi zingati mwa 6, nanga 1/3 ndi zingati mwa 6. Kenako mphindi 10 inu muonetse chitsanzo, mphindi 8 ana agwire awiriawiri, mphindi 10 aliyense alembe payekha, ndipo 4 zomaliza zikhale zomangira phunziro ndi kusonkhanitsa makope. Phatikizani muone ngati zikukwana 40. Zimaseketsa, koma mapulani a masamu okhala ndi mphindi zokwana 50 sasowa.

Danga la zochita ana ndi limene limaulula phunziro. Ngati kuyambira pamwamba mpaka pansi mwalembedwa "amvetsera, ayankha, akopera", mphunzitsi ndiye agwira ntchito yonse. M'chitsanzo chathu mulembe kuti mwana mmodzi adetsa zigawo 3 mwa 6 pa kamzere kake, mnzake adetsa 2 mwa 6, ayika timizereto pamodzi nawerenga zodetsedwa, apeza 5, ndipo alemba 3/6 + 2/6 = 5/6. Pa gulu lomwelo ayesenso 1/3 + 1/6. Mafunso amene mudzafunsa alembeni ndi mawu ake enieni, osangoti "mphunzitsi afunsa mafunso". Funso loti "Mwamvetsa?" silithandiza, kalasi yonse idzayankha pamodzi kuti "Eee!" ngakhale amene akuganiza za chiwaya cha pageti. Lembaninso pamene mudzafotokoze m'Chinyanja. Mu giredi 5 phunziro lili m'Chingerezi, koma mwana wa ku Kanyama amagwira msanga mukamuuza kuti nambala ya pansi ikunena kuti buledi wadulidwa kangati.

Pali mzere umodzi umene mafomu ambiri alibe koma ndi wofunika kuuwonjezera m'mbali: cholakwa chimene mukuchiyembekezera. Pa mutu uwu n'chodziwika. Ana amaphatikiza za pamwamba pazokha, za pansi pazokha, n'kupeza 1/2 + 1/3 = 2/5. Sikuti ndi ulesi, akutsatira lamulo limene lawathandiza kuyambira giredi 1, loti nambala ziwiri zikakumana ndi chizindikiro chophatikiza umaziphatikiza. Konzeranitu funso lowagwedeza: unali ndi hafu ya buledi, wina wakuwonjezera, kodi ungatsale ndi wochepera hafu? Pa bolodi jambulani 2/5 pambali pa 1/2 aone okha kuti 2/5 ndi yaing'ono.

Mafunso a aliyense payekha muwayankhe nokha usiku, mayankho akhale pa pulani. Anayi awa akuyenda kuchokera pa chofewa: 1/2 + 1/4, 1/2 + 1/6, 1/4 + 1/3, 2/3 + 1/4. Mayankho ndi 3/4, 4/6, 7/12 ndi 11/12, ndipo amene wafupikitsa 4/6 kukhala 2/3 wakhozanso. Mukangotola funso ngati 1/2 + 2/3 osaliyesa, yankho lake ndi 7/6, loposa chinthu chathunthu, ndipo mudzapezeka mukuphunzitsa mutu wina umene sunali pa pulani. Pulani ikatha, ipite kwa aphunzitsi okuyang'anirani kapena akulu a dipatimenti kuti asayine phunziro lisanachitike.

Zolemba za pambuyo zimayamba ndi makope. Chongani tsiku lomwelo, ndipo pochonga muziunjika milu itatu: okwanitsa mlingo, olakwa mofanana, ndi osamaliza. Kenako lembani zinthu zinayi motsatana, chimene chachitika, umboni wake, chifukwa chimene mukuchiganizira, ndi chimene musinthe. Mwachitsanzo, zingamveke chonchi:

"Anabwera ana 68, makope ndinalandira 61. Ana 29 akhoza mafunso atatu kapena anayi, 21 aphatikiza za pamwamba ndi za pansi pa mafunso awiri omaliza, 11 sanapitirire funso lachiwiri. Cholinga sichinakwaniritsidwe kwa oposa theka. Mafunso awiri oyamba ambiri akhoza chifukwa nambala ya pansi yaikulu inali kale pa funso, koma pamene panafunika kupeza 12 paokha anabwerera ku njira yakale. Zitsanzo zimene tinachita pamodzi zonse zinali za 6, ndipo timizere tinali togawidwa kale, choncho sindinawaonetse mmene 6 amapezekera. Chitsanzo changa chinatenga mphindi 16 m'malo mwa 10, ntchito ya payekha inatsala ndi 5. Mawa ndiyamba ndi kundandalika 4, 8, 12 ndi 3, 6, 9, 12 pa bolodi kuti apeze nambala yokumanirana, ndipo ana 21 aja ndikhala nawo kutsogolo ndi timizere ta zigawo 12."

Onani kuti ndimeyi yapeza cholakwa mu pulani yeniyeniyo, timizere togawiratu tija tinapulumutsa nthawi koma tinabisa sitepe imodzi. Wophunzira wina amaopa kulemba zotere poganiza kuti akudzichotsera yekha malikisi. Si mmene zimakhalira kwa woyesa wodziwa ntchito. Iye anali m'kalasimo, anaona kuti nthawi inathawa, ndipo chimene akufuna kudziwa n'chakuti inunso munaona kapena ayi.

Zolemba zofooka zimabwera m'mitundu iwiri. Wina amangobwereza pulani ngati nthano, "ndinayamba ndi kukumbutsa, kenako ndinagawa timizere", osanena chimene ana anaphunzira. Wina amakankhira zonse kwa ana ndi sukulu: ndi ochuluka, ndi aphokoso, mabuku kulibe. Zingakhale zoona, koma ana 72 mawa adzakhalabe 72, ndiye lembani chimene chili m'manja mwanu, monga kusankha ana asanu ndi mmodzi ogawa timizere m'mizere yawo m'malo moti muzizungulira nokha. Mayina a ana musawalembe mu failo imene idzapita ku koleji, zilembo zoyamba n'zokwana. Makope 7 amene sanabwere aja afunseni m'mawa, chifukwa nthawi zambiri eni ake ndi amene sanalembe kalikonse.

Chimene mwalonjeza m'chiganizo chomaliza chiyenera kuoneka mu pulani ya mawa, pa gawo lokumbutsana ndi pa zipangizo, ndipo mu kaundula wa zophunzitsidwa mulembe kuti mutuwu ubwerezedwa. Izi zidzakankha sikimu ndi tsiku limodzi, choncho auzeni aphunzitsi eni kalasi musanachoke pasukulu, ndipo mutenge makope angapo a mulu wachiwiri uja kuti aone okha 2/7 amene ana alemba pa funso la 1/4 + 1/3.