Bandiwidithi kapena mphamvu ya siginolo: mafunso ndi mayankho pa fomula ya Shannon

Ndinamva kuti pali fomula imene imaika malire pa uthenga umene waya kapena wailesi ingatumize pa sekondi imodzi. Imati chiyani kwenikweni?

Imalembedwa chonchi:

```
C = B × log2(1 + S/N)
```

C ndi kuchuluka kwa mabiti, kutanthauza ma 0 ndi ma 1, amene njirayo ingapititse pa sekondi imodzi popanda zolakwika. B ndi bandiwidithi, kutanthauza kukula kwa mpata wa mafirikwense amene njirayo imalola kudutsa, ndipo amayezedwa mu Hz, muyezo wa kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi. S ndi mphamvu ya siginolo imene yafika kwa wolandira, pamene N ndi mphamvu ya phokoso limene lili mumpata womwewo. Onani bwino mawu akuti "imene yafika". Mphamvu imene wotumiza waponya ilibe ntchito pano ngati yathera m'njira.

Claude Shannon anaitulutsa mu 1948 akugwira ntchito ku Bell Labs. Dzina la Ralph Hartley limatchulidwanso pamodzi ndi lake chifukwa mu 1928 iye anali atayamba kale kuyeza uthenga ndi logarizimu. Zimene Shannon anatsimikiza zili pawiri. Mukamatumiza pa liwiro lochepera C, pali njira yolembera uthengawo m'makhodi imene ingachepetse zolakwika mpaka pamene mukufuna. Mukapyola C, palibe luso lililonse limene lingakupulumutseni.

Tandisonyezani ndi manambala enieni.

Titenge waya wa lamya wa masiku akale. Unkalola mafirikwense oyambira 300 Hz kufika 3,400 Hz, choncho B ndi 3,100 Hz. Tinene kuti siginolo ikuposa phokoso ndi 30 dB.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Fomula siilandira madesibelo, imafuna kuti S igawidwe ndi N mmene zilili. Madesibelo 10 alionse amatanthauza kuchulukitsa ndi 10, ndiye 30 dB ndi 10 × 10 × 10, zimene ndi 1,000. Tsopano tifune `log2(1001)`, ndiko kufunsa kuti: 2 achulukitsidwe kangati ndi iye yekha kuti tifike pa 1,001? Tikamchulukitsa ka 10 timapeza 1,024, ndiye yankho liperewera pang'ono pa 10, ndi 9.97. Tikachulukitsa 3,100 ndi 9.97 tipeza mabiti pafupifupi 30,900 pa sekondi. Mamodemu a V.34, zipangizo zolumikizira kompyuta pa waya wa lamya, ankafika 28,800, kenako 33,600 pa waya woyera bwino, kusonyeza kuti akatswiri anali atagunda kale pakhoma.

Mukapeza 15,400, dziwani kuti munalowetsa 30 m'malo mwa 1,000. Mukapeza 9,300, ndiye kuti munadina batani la `log` pa kakyuleta, limene limagwiritsa 10 m'malo mwa 2. Chulukitsani yankho limenelo ndi 3.32 ndipo zikhala bwino.

N'chifukwa chiyani B amangochulukitsa, pamene S/N watsekeredwa mkati mwa logarizimu?

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndikufuna tikhalitsepo.

Njira ya bandiwidithi B imakulolani kusintha siginolo ka 2B pa sekondi popanda chizindikiro china kusakanikirana ndi chinzake. Zimenezi anazisonyeza Harry Nyquist. Pa waya wathu uja, ndiye kuti muli ndi mipata 6,200 pa sekondi. Bandiwidithi ikakula kawiri, mipata nayo imakula kawiri. Palibe chobisika pamenepa.

Koma mumpata uliwonse mungaikemo mabiti angati? Zimadalira kuchuluka kwa milingo ya voteji imene wolandira angathe kusiyanitsa. Ganizani rula imene mukuwerenga dzanja likunjenjemera. Ngati kunjenjemerako kukufika milimita imodzi, palibe phindu kulemba mizere yotalikirana ndi theka la milimita, chifukwa simudzadziwa mzere umene mwaloza. Phokoso ndilo kunjenjemera kumeneko. Popeza mphamvu imakula ngati voteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, S/N ya 1,000 imapereka milingo pafupifupi 32, pakuti 32 × 32 ndi 1,024. Milingo 32 imanyamula mabiti 5. Chulukitsani 6,200 ndi 5 mupeza 31,000, pafupi ndithu ndi yankho tinapeza lija. Uwu si umboni wa masamu wa Shannon, koma umaonetsa kumene fomula ikuchokera.

Tsopano taonani mtengo wa biti imodzi yowonjezera. Kuti mpata uliwonse unyamule mabiti 6 m'malo mwa 5, mufunika milingo 64, kutanthauza voteji yowirikiza kawiri ndi mphamvu yowirikiza kanayi. Biti yotsatira idzafunanso kanayi kena. Mphamvu imakwera mochulukitsa, phindu limakwera mowonjezera, kamodzikamodzi. Imeneyi ndiyo logarizimu.

Ndiye ndikafuna liwiro, ndiwonjezere bandiwidithi basi?

Nthawi zambiri inde, koma pali msampha umene fomula siionetsa poyera: N nayenso amadalira B. Phokoso la kutentha limapezeka pa mafirikwense onse mofanana, choncho mukatsegula mpata waukulu mumalowetsanso phokoso lochuluka. Timalemba `N = N0 × B`, pamene N0 ndi phokoso la mu Hz imodzi. Bandiwidithi ikawirikiza kawiri mphamvu ili yomweyo, S/N imatsika ndi theka.

Tiyese pa waya wathu. Tikawirikiza mphamvu, S/N imakhala 2,000 ndipo C imachoka pa 30,900 kufika pa 34,000. Magetsi awirikiza, koma liwiro langokwera ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Tikasiya mphamvu n'kuwirikiza bandiwidithi kufika 6,200 Hz, S/N imatsika kufika 500, logarizimu imakhala 8.97, ndipo C imafika 55,600. Sikuwirikiza kwathunthu, komabe palibe mpikisano. Siginolo ikakhala yamphamvu kale, bandiwidithi ndiyo imalipira.

Tsopano titembenuze. Titenge njira ya 1 MHz, ndiko kuti 1,000,000 Hz, imene siginolo yake ndi yofooka kuposa phokoso, S/N ili 0.1, ndiko kuti −10 dB. Logarizimu ya 1.1 ndi 0.1375, choncho C ndi 137,500. Tikawirikiza bandiwidithi kufika 2 MHz, S/N igwa kufika 0.05 ndipo C ingokhala 140,800. Tawononga mpata wonsewo n'kupindula pafupifupi chabe. Koma tikawirikiza mphamvu, S/N ikhala 0.2 ndipo C ilumpha kufika 263,000.

Fomula ndi imodzi, koma malangizo ake atembenuka. Nchifukwa chake sindikhulupirira aliyense amene amanena kuti "bandiwidithi ndiyo liwiro" asanafunse kuti S/N ili pati. Pamwamba pa 10 dB kapena 15 dB, madesibelo 3 alionse amangokupatsani biti imodzi pa sekondi pa Hz iliyonse, ndiye funani bandiwidithi. Pansi pa 0 dB, funani mphamvu: eriyo yabwino, mtunda waufupi, kapena cholandirira chimene sichipanga phokoso lambiri pachokha.

Mungazione ndi maso pa Wi-Fi. Mukasintha tchanelo kuchoka pa 20 MHz kupita pa 40 MHz muli pafupi ndi rauta, liwiro limakwera kwambiri. Chitani zomwezo muli kuseri kwa makoma atatu, siginolo ikuchita kuphethira, mudzapeza kuti palibe chasintha, mwinanso zaipa, chifukwa phokoso lakwera ndi 3 dB pamene siginolo ili pomwe inali.

Nanga bandiwidithi itakhala yopanda malire, liwiro nalo lingakhale lopanda malire?

Ayi. B akamakulirakulira, C amayandikira denga ili:

```
C = 1.44 × S/N0
```

Pa chitsanzo chachiwiri chija, S/N0 ndi 0.1 × 1,000,000, zimene ndi 100,000, ndiye denga ndi 144,000. Tinali kale pa 137,500, ndiye musadabwe kuti kuwirikiza bandiwidithi sikunathandize. Denga limeneli likunena kuti biti iliyonse ili ndi mtengo wake wa mphamvu umene sungatsike: mphamvu ya biti imodzi iyenera kukhala osachepera 0.693 ya N0, kumene akatswiri amakutchula kuti −1.59 dB.

Mwanena za siginolo yofooka kuposa phokoso. Zingatheke bwanji kumva uthenga womira chotero?

Onani 1 uja mkati mwa fomula. Bola S asakhale ziro, logarizimu imaposa ziro, ndiye C naye amaposa ziro. Uthenga umadutsa ndithu, koma pang'onopang'ono. GPS imagwira ntchito motero. Siginolo yake imafika pansi pano itamira m'phokoso, koma uthenga wake wakale umayenda pa mabiti 50 okha pa sekondi, utamwazidwa ndi khodi imene imabwereza milisekondi iliyonse. Wolandira amaidziwa khodiyo, amaphatikiza tizidutswa tambirimbiri, ndipo siginolo imasonkhana mbali imodzi pamene phokoso limafafanizana lokha.

Mamodemu ena ankafika 56,000 pa waya wa lamya womwewo. Kodi sanaphwanye lamuloli?

Sanaphwanye, anangosintha N. Phokoso lalikulu pa lamya linkabadwa pamene kampani ikusandutsa mawu kukhala manambala, ka 8,000 pa sekondi, chifukwa voteji iliyonse inkakankhidwira pa mulingo woyandikana nawo. Mamodemu a V.90 ankadalira kuti mbali ya wopereka intaneti ikhale yolumikizidwa mwa dijito, kotero uthenga wotsika kupita kwa wogwiritsa ntchito sunkadutsa pa sitepe imeneyo. Phokoso lija litachoka, S/N inakwera ndipo denga linakwera nalo. Uthenga wokwera unkadutsabe pa sitepeyo, nchifukwa chake unatsalira pa 33,600.

Ndawerengera C wa njira yanga, koma liwiro limene ndikuona ndi lochepa kwambiri. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse. C ndi denga, si lonjezo, ndipo Shannon sananene khodi imene ingakufikitseni pamenepo. Zinatenga zaka 45, mpaka 1993 pamene makhodi otchedwa turbo anatulukira, kuti anthu ayandikire dengalo m'zipangizo zenizeni. Makhodi oyandikira denga amakhalanso aatali, ndipo khodi yaitali imachedwetsa uthenga. Kuwonjezera apo, mabiti ena amathera pa mitu ya mapaketi, pa kugwirizanitsa nthawi, ndi pa kudikira kuti ena amalize kulankhula pa tchanelo chomwecho.

Yang'ananinso mtundu wa phokoso lanu. Fomula imayembekezera phokoso losalala, lofanana pa mafirikwense onse, limene limangowonjezereka pa siginolo. Ngati liwiro likukhala bwino kenako n'kugwa mwadzidzidzi pamene S/N yapakati ikuoneka yabwino, kayikirani chipangizo china chimene chikusokoneza mwa apo ndi apo, kapena siginolo imene ikufooka ndi kubwerera chifukwa cha kuyenda. Ngati mbali zina za bandiwidithi zili zoyera ndipo zina zili ndi phokoso, gawani njirayo m'timagawo, werengerani C wa kagawo kalikonse payekha, kenako muphatikize. DSL, intaneti yodutsa pa waya wa lamya, ndi Wi-Fi zimagawa mafirikwense m'timagawo totere.

Ngati m'malo mwake liwiro lanu likuposa C, fufuzani ngati chipangizocho chili ndi maeriyo angapo mbali zonse ziwiri. Pamenepo njira si imodzi, ndipo fomula iyenera kuwerengedwa pa njira iliyonse. Fufuzaninso ngati deta inafinyidwa isanatumizidwe, chifukwa C amawerenga mabiti amene adutsadi pa waya, osati kukula kwa fayilo ikatambasulidwa.