Chifukwa chake minofu imaphwa munthu akamakalamba, ndi mmene imakuliranso

Mnofu uliwonse ndi mtolo wa timaulusi tambirimbiri. Pali timaulusi tosatopa msanga, tomwe timagwira ntchito poyenda, ndi tina tamphamvu, tomwe timadzuka pokhapokha ntchito ikalemera, monga ponyamula thumba kapena podziwongola ukapunthwa. Munthu akapitirira zaka 60, tachiwiriti ndi tomwe timaonda kwambiri. N'chifukwa chake agogo amatha kuyenda ulendo wautali ndithu, koma kudzuka pamkeka n'kukhala nkhondo.

Vuto lenileni ndi loti mnofu wokalamba umagontha. Thupi limamanga ndi kugumula minofu tsiku lililonse, ndipo chomwe chimalamula kumangako ndi mapuloteni a m'chakudya komanso katundu amene mnofu wanyamula. Wachinyamata akadya magalamu 20 a mapuloteni, kumanga kumayamba mwamphamvu. Wokalamba amafunika pafupifupi magalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pa chakudya chimodzi. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti akufunika magalamu 24, pomwe dzira limodzi lili ndi 6 okha. Nsima yandiwo zamasamba zokhazokha sifikapo. Pamafunika usipa, nyemba, soya kapena mazira. Kuwonjezera apo, mitsempha ina yolamula timaulusi imafa, ndipo maselo okonza mnofu amachepa.

Komabe kugontha si kufa. Ukakuwa, mnofu umamva. Mu 1988, wofufuza wina dzina lake Walter Frontera ndi anzake ku Boston anaphunzitsa abambo a zaka 60 mpaka 72 kukankha zolemera ndi miyendo katatu pa mlungu. Patatha milungu 12, timaulusi ta m'ntchafu tinali titanenepa ndi pafupifupi 30 peresenti. Sitinachuluke ayi: kalikonse kanangowonjezera mapuloteni m'kati mwake.

Chinsinsi ndi kulemera kwa katundu. Tiyerekeze mayi wa zaka 70 ali ndi mpando wolimba woyedzamiritsa kukhoma. Adzuke ndi kukhalanso pang'onopang'ono, osagwira mawondo, ka 8 mpaka ka 12, apume mphindi ziwiri, abwerezenso kawiri. Achite zimenezi masiku awiri kapena atatu pa mlungu, n'kumadumphitsa tsiku. Kudzuka kuwiri komaliza kuzikhala kovuta. Kukayamba kuphweka, afungatire chigubu cha malita 5 cha madzi, chomwe ndi makilogalamu 5, kenako chokulirapo.

Ambiri amalakwitsa pomwepa: amakhala pa katundu yemweyo miyezi, timaulusi tamphamvu tija n'kumangogona. Ena amagwa ulesi poona kuti ntchafu sizikusintha, osadziwa kuti mphamvu za milungu yoyambirira zimachokera ku mitsempha yomwe ikuphunzira ntchito. Kunenepa kwa mnofu kumaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Podzuka azitulutsa mpweya, chifukwa kuugwira kumakweza kuthamanga kwa magazi. Kuphwanya kwa minofu kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kosadetsa nkhawa, koma bondo likamabaya kapena kutupa, achepetse katundu ndi kugwiritsa ntchito mpando wautaliko. Wodwala mtima ayambe waonana ndi dokotala, ndipo aliyense akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, asiye pomwepo.