Polumikiza ziganizo ndi who, which kapena whose, liwu limodzi liyenera kuchoka

Ndikamachonga ntchito ya galamala ya Chingerezi ya ana a Fomu 2, cholakwika chimodzi chimabwerezabwereza, ndipo chimandikhudza chifukwa ochilakwitsa ambiri ndi ana oganiza bwino. Funso limawapatsa ziganizo ziwiri kuti azilumikize, monga izi: "The girl won the race. Her father is a driver." Ambiri amalemba kuti: "The girl who her father is a driver won the race."

Mwanayu sanalembe mwachisawawa. M'mutu mwake wayamba wanena kuti "mtsikana amene bambo ake ndi dalaivala anapambana mpikisano", chomwe ndi Chichewa chabwinobwino. Kenako "amene" wamusandutsa who, "ake" wamusandutsa her. Koma Chingerezi sichilola mawu awiriwa kukhalira limodzi. Liwu loti whose limasenza lokha ntchito ya "amene" ndi ya "ake", choncho likalowa, her ayenera kutuluka: "The girl whose father is a driver won the race."

Makolo amene mumathandiza ana kunyumba, muyambe ndi chiganizo chachiwiri. Mwana apezemo liwu lomwe likuimira dzina la m'chiganizo choyamba, alidule ndi pensulo, ndipo azisankha cholowa m'malo mwake atalidula kale. Ngati wadula he, she kapena they wonena za anthu, alembe who. Ngati ndi it kapena they wonena za zinthu kapena nyama, alembe which. Mawu osonyeza umwini, monga his, its ndi their, amafuna whose.

Kudulako n'kofunika ngakhale pa which. Ife timati "iyi ndi mbuzi imene tinaigula kumsika", ndipo ka "i" ka mu "tinaigula" kakuimirabe mbuzi ija. N'chifukwa chake mwana amalemba "This is the goat which we bought it at the market." Apa mbuzi yaimiridwa kawiri, ndi which komanso ndi it. Akafufuta it, chiganizo chakhala bwino.

Mbali yolumikizidwayo imayenera kutsatana ndi dzina lomwe ikulifotokoza, ngakhale zitafunika kung'amba chiganizo choyamba pakati. Mwana woopa kung'amba amangoiphatika kumapeto, n'kulemba "The girl won the race whose father is a driver." Mumufunse kuti bambowa ndi a ndani. Akawerenganso aona yekha kuti wapatsa mpikisano bambo.

Liwu loti her lokha ndi lofunika kulisamala, chifukwa silisonyeza umwini nthawi zonse. Mu "her father" likutsatiridwa ndi dzina, ndiye pafunika whose. Mu "We met her yesterday" palibe chinthu chake chomwe chatchulidwa, mtsikanayo ndiye amene takumana naye, ndipo pamapepala a mayeso yankho lake limakhala whom: "This is the girl whom we met yesterday."