Chovuta ndi mawu amodzi aatali, osati chiganizo chonse

Anthu amene amandibweretsera zithunzi zokhala ndi mawu kuti ndiziike m'Chichewa amafika ali ndi mantha kale. Amati Chichewa n'chachitali, sichikwana. Ine ndimawaonetsa chiganizo chimodzi chimene chili pa zikwangwani zambiri za ukhondo. Pa Chingerezi amalemba kuti "Wash your hands with soap", ndipo mukawerenga zilembo pamodzi ndi mipata yake zimakwana 25. Ife timati "Sambani m'manja ndi sopo", zilembo ndi mipata 24. Chathu ndiye chachifupi. Choncho vuto silikhala chiganizo chonse nthawi zonse. Chimene chimasokoneza chithunzi ndi mawu amodzi aatali amene sangathyoledwe, atagwera m'kabokosi kopapatiza.

Chichewa chimamanga mawu polumikiza tizigawo. Tengani tsinde loti gwir-. Mukaonjezapo -its-, kenako -idw-, n'kuika o- kutsogolo ndi -a kumapeto, mwapeza "ogwiritsidwa", zilembo 12 zopanda poti n'kupumira. Chingerezi chimamwaza tanthauzo lomwelo m'timawu ting'onoting'ono, ndipo kompyuta imatha kutitsitsira mzere wapansi paliponse pamene pali mpata. Wojambula chithunzi choyambirira anayeza mabokosi ake poganizira timawu timeneto. Ife tikubwera ndi mtolo umodzi womanga kale.

Ntchito ina imene ndinagwira ikuonetsa bwino zimenezi. Chinali chithunzi chophunzitsa katayidwe ka zinyalala za kuchipatala, chokhala ndi mabokosi atatu ofanana ondandalikidwa m'mbali, lililonse lili ndi chojambula pamwamba ndi mawu pansi. Bokosi lapakati linali ndi mawu akuti "Used needles", m'mizere iwiri, olembedwa ndi mtundu wa zilembo zonenepa wotchedwa Arial Bold, pa mapointi 28, umene ndi muyezo wa kukula kwa zilembo. Malo olembapo m'kati mwake anali mamilimita 48 m'lifupi ndi 34 kuchoka pamwamba kufika pansi. Mawu aatali pa awiriwo, "needles", ankatenga mamilimita 37 okha, ndiye ankakhala motakasuka.

Kumasulira koyamba kumene kunabwera m'mutu kunali "Majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito". Palibe cholakwika pa Chichewa chake. Koma nditawalemba pa mapointi 28 omwewo, "ogwiritsidwa" anatenga pafupifupi mamilimita 60, kupitirira malo ndi mamilimita 12. Kuti alowe ndikanayenera kutsitsa zilembo kufika pa mapointi 22. Apa ndi pamene ambiri amagonja: amachepetsa bokosi limodzilo n'kupita patsogolo. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Mabokosi awiri a m'mbali amakhala akufuula, lapakati likunong'ona, pamene ndi lomwe lili ndi uthenga wa chinthu chobaya. Ndipo mukati muchepetse onse atatu kuti afanane, mwachepetsa chithunzi chonse chifukwa cha mawu amodzi, munthu woima patali sawerenganso.

Musamadalire kuwerenga zilembo pokha poyeza malo, chifukwa zilembo sizilingana kunenepa. Mu Arial Bold, m mmodzi amatenga malo oposa a ma i atatu, ndipo w naye sali kutali. Chichewa chili ndi m ndi w ponseponse. "Mwamuna" ndi "ntchito" onse ali ndi zilembo 7, koma "mwamuna" amatalika pafupifupi kamodzi ndi theka kuposa mnzakeyo. N'chifukwa chake ndikapatsidwa ntchito n'kuuzidwa kuti zilembo zisapitirire 10 pa mzere, ndimapempha chithunzi chenichenicho kuti ndilembemo ndione ndekha.

Ndisanakhudze kukula kwa zilembo ndimabwerera ku mawu, popeza kumeneko ndi kumene malo ambiri amapezeka. Ndinadzifunsa kuti namwino akamalangiza wogwira ntchito watsopano anganene bwanji pakamwa. Sanganene kuti "ogwiritsidwa kale ntchito". Amenewo ndi mawu a m'malipoti. Jakisoni ntchito yake ndi kubaya, ndiye anganene za jakisoni wobayira kale. Mneni weniweni wa chinthucho nthawi zambiri amakhala wamfupi kuposa "kugwiritsa ntchito", amene timamuthamangira tikakhala ndi Chingerezi m'mutu: madzi timamwa kapena kusamba, mankhwala timamwa kapena kupaka, neti timagonamo. Ndinaganizirakonso "otha ntchito", amene ndi afupi ndithu, koma ndinawasiya chifukwa wina angamve ngati akunena za majakisoni amene masiku ake apitirira asanatsegulidwe n'komwe.

Panatsala "Majakisoni", amene pa mapointi 28 ankapitirirabe malo pang'ono. Ndinachotsa ma- wa kuchuluka. Pa chizindikiro cha potayira zinthu, "jakisoni" akuimira majakisoni onse, ndipo chojambula cha pamwamba chinkaonetsa kale angapo. Mawu anakhala "Jakisoni wobayira kale", m'mizere itatu, ndipo aatali kwambiri, "wobayira", anatenga mamilimita 43. M'lifupi zinatheka. Koma mzere wachitatu unabweretsa vuto lina, chifukwa mizere itatu ya mapointi 28 imafuna pafupifupi mamilimita 36 kupita pansi, ine ndili ndi 34. Ndinatsitsa mabokosi onse atatu kufika pa mapointi 26, mizere itatu ija inatenga 33, n'kulowa. Kusiyana kwa 28 ndi 26 diso silikuona. Kwa 28 ndi 22 aliyense amakuona.

Pali zinthu zina zimene sindidula ngakhale malo athine bwanji. Choyamba ndi -ni wa ulemu. "Samba" ndi wamfupi kuposa "Sambani" ndi zilembo ziwiri, ndipo ndaonapo anthu akudula pamenepo mosangalala. Koma chikwangwani chouza gogo kuti "Samba m'manja" chikumulankhula ngati mwana, ndipo owerenga amamva chipongwecho asanamve uthenga. Pokhapokha ngati chithunzicho n'cha ana aang'ono, -ni akhalepo. China ndi nkhodolero. Kachizindikiro kameneka kamatenga malo ochepa zedi, koma wina akamafinya mawu amakayesa chokongoletsa. Mukakachotsa mu "ng'oma" mwasandutsa choimbira kukhala ngoma, nyama ya m'tchire.

Nanga kudula mawu ndi mdulamawu kumapeto kwa mzere? M'ndime zazitali za zilembo zing'onozing'ono n'kololeka, bola mudule nokha. Mapulogalamu ambiri okonzera zithunzi ndi mabuku amadula potsatira malamulo a chinenero chimene chaikidwa pa mawuwo, ndipo kawirikawiri chimakhala Chingerezi. Ndiye mumapeza zinthu ngati "ogwirit-" pamwamba, "sidwa" pansi. M'Chichewa phatikizo limathera pa lembo la liwu: o-gwi-ri-tsi-dwa, ntchi-to, nkhwa-ngwa. Magulu ngati ntch, mph, nkh, ts, dz ndi ng' sasiyanitsidwa. Mu pulogalamu ya InDesign ndimachotsa kachizindikiro pa Hyphenate, lamulo lodula mawu kumapeto kwa mzere, ndisanalembe chilichonse, kuti pulogalamu isandidulire mwakachetechete.

Pa mitu ndi pa machenjezo sindidula n'komwe, ngakhale pamalo olondola. Chichewa chimaika kukana kumayambiriro kwa mneni, mu si-, osa- kapena musa-. Mukadula "Musamwe" kukhala "Musa-" pamwamba ndi "mwe madzi awa" pansi, malamulo a maphatikizo simunaphwanye, koma kukana kwatsala kokha pamzere wina. Munthu wodutsa mothamanga, kapena amene amawerenga movutikira, diso lake limagwera pa mzere wautaliwo n'kutolapo za kumwa madzi. Chenjezo likhale lathunthu pa mzere umodzi, ngakhale zitatanthauza kusuntha chojambula kuti bokosi likule.

Mawu akakonzedwa koma n'kutsala milimita imodzi kapena ziwiri, pamenepo ndi pomwe ndimagwiritsa ntchito zida za pulogalamu. Tracking imayandikizitsa zilembo. Mu InDesign ndi Photoshop imayezedwa m'magawo 1,000 a kukula kwa zilembozo, ndipo ine sindipitirira −20. Kupyola apo r ndi i, kapena l ndi i, zimayamba kumatana, ndipo mawu athu odzaza ndi -ri- ndi -li- amasanduka mpanda wa timizere. Ngati malo osowa ndi ambiri, ndi bwino kusankha zilembo zimene zinapangidwa zopyapyala kuchokera pachiyambi, monga Arial Narrow kapena Roboto Condensed, n'kuziika pa mabokosi onse ofanana. Chimene ndimadana nacho ndi kugwira bokosi pakona n'kulifinya m'mbali. Mungachizindikire msanga: o amaoneka ngati dzira loimirira, mizere yoimirira ya zilembo imaonda pamene yopingasa ili yonenepabe. Ndipo ngati mawu oyambirira anali a zilembo zazikulu zokhazokha ngati ABC, kungowasintha kukhala zing'onozing'ono ngati abc kumabweza malo ambiri kuposa zidule zonsezi.

Zonsezi zimatheka mukakhala ndi fayilo imene wojambula anagwiriramo ntchito, ya PSD, AI kapena INDD, momwe mawu akadali olembeka ndipo ali paokha pamwamba pa chojambula. Mukapatsidwa JPG, mawu ndi chithunzi zinaphikidwa pamodzi. Muyenera kufufuta mawu akale, kukonza mtundu umene unali kuseri kwake, n'kufunafuna zilembo zofanana nazo, ndipo bokosi simungalikuze popanda kujambulanso. Pemphani fayiloyo ntchito isanayambe.

Pa chithunzi cha majakisoni chija ndinatsala pang'ono kugwa pa chinthu chaching'ono. Nditalemba mizere itatu ija koyamba, ndisanatsitse zilembo kufika pa 26, bokosi linaoneka bwino kwambiri, mizere iwiri yoyera itakhala pakati penipeni. Chinandiimitsa ndi kachizindikiro kofiira ka + pakona ya m'munsi kudzanja lamanja, kamene InDesign imaonetsa mawu akasefukira. Pulogalamuyi mawu osakwana siwatulutsa kunja kwa bokosi. Imawabisa, ndipo pa pepala losindikiza saoneka. Mawu amene anabisika anali "kale". Bokosi la zinyalala linkati "Jakisoni wobayira", ngati kuti m'menemo ndi mosungira majakisoni abwino oti namwino atenge. Kuchokera tsiku limenelo ndikamaliza ndimatulutsa PDF, kuisindikiza pa kukula kwake kwenikweni, n'kupatsa munthu amene sanaone Chingerezi chake kuti awerenge mokweza bokosi lililonse ataima pamene owerenga adzaime, ine ndikutsatira ndi chala pa pepala la mawu amene ndinamasulira.