Kalata kwa mkonzi mutasanja pepala mwatsopano: mafunso ndi mayankho

"Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Kasungu. Pepala langa lonena za alimi osiya fodya n'kuyamba soya labwerako ku jonolo ndi chigamulo cha `Major Revision`, choti ndilikonze kwambiri. Ndalipasula lonse, magawo ndasuntha, matebulo ndaphatikiza. Nanga m'kalata yopita kwa mkonzi ndilembemo chiyani?"

Achimwene, ntchito yaikulu ya kalatayo ndi kuthandiza mkonzi kusiyanitsa zinthu ziwiri: zimene zangosamuka malo, ndi zimene zasinthadi. Mkonzi ndi owunika anawerenga pepala lanu kalekale, ndipo chimene chinatsala m'manja mwawo ndi ndemanga zawo zonena kuti "tsamba 9, mzere 14" kapena "Tebulo 4". Akatsegula fayilo yatsopano n'kupeza kuti pa tsamba 9 pali nkhani ina ndipo Tebulo 4 kulibe, amakhala ngati munthu amene wabwera kuchokera ku ulendo n'kupeza nkhokwe palibe pamene anaisiya: asanamve kuti yangosunthidwira kuseri kwa nyumba, mtima wathamangira kale ku zoti chimanga chapita. Owunika akasokonezeka chotere amayamba kuliwerenga ngati pepala lachilendo, ndiye amatulukira mafunso atsopano amene poyamba analibe.

Yambani ndi mutu wa pepala, nambala imene jonolo inalipatsa, ndi tsiku la kalata ya chigamulo. Thokozani m'chiganizo chimodzi. Kenako, m'ndime yachiwiri yomweyo, nenani poyera kuti pepala lasanjidwa mwatsopano, chifukwa chake, ndi ndemanga imene inakuchititsani kutero. Musadikire kuti mkonzi azindikire yekha ali pakati powerenga.

Mayankho a ndemanga iliyonse ndalemba kale. Si zokwanira zimenezo?

Ayi, chifukwa owerenga ake ndi osiyana. Fayilo ya mayankho imapita kwa owunika, ndipo imatsata ndemanga imodzi ndi imodzi ngakhale itatalika bwanji. Kalata yoperekeza pepala kawirikawiri imathera kwa mkonzi, amene ayenera kusankha chochita: kugamula yekha, kubweza kwa owunika omwe aja, kapena kufuna ena. Iye akufuna chithunzi chonse pa tsamba limodzi, likatalika limodzi ndi theka.

Pali msampha apa. Mukafotokoza za kusanjaku m'kalata mokha, owunika sadzaziona. Choncho ndime yofotokozayo, pamodzi ndi tebulo losonyeza kumene zinthu zapita, muziikenso pamwamba pa fayilo ya mayankho, ndemanga yoyamba isanayankhidwe.

Ndisonyeze bwanji kumene zinthu zapita?

Tiyerekeze ndi pepala longa lanulo. M'pepala loyamba munasanja zotsatira potsata malo: gawo 3.1 linali la Chamama, gawo 3.2 la Santhe, ndipo m'gawo lililonse munkanena za mtengo, za ntchito ya m'munda ndi za msika, uku mukutanthauzira pomwepo. Wowunika wachiwiri anadandaula kuti kuti ayerekeze mitengo ya madera awiriwa ankachita kubwerera masamba angapo, komanso kuti njira yosankhira alimi munaifotokoza m'kati mwa zotsatira. Inu mwamvera, ndipo tsopano zotsatira zikutsata mafunso atatu a kafukufuku. Kalatayo mudzailemba m'Chingerezi, koma mfundo za ndime yachiwiri zikhale motere:

"Potsatira ndemanga 1 ndi 3 za wowunika wachiwiri, tasanja zotsatira potsata mafunso a kafukufuku m'malo mwa madera. Kufotokoza njira yosankhira alimi tasamutsira ku gawo la njira, ndipo kutanthauzira konse kwapita ku gawo la zokambirana. Chifukwa cha ichi, manambala a magawo, matebulo ndi masamba asintha. Tebulo lili m'munsili likusonyeza malo akale ndi atsopano."

Ndiye tebulo lake:

| Pepala loyamba | Pepala latsopano | Chachitika |
|---|---|---|
| 3.1 ndi 3.2, ndime za mtengo | 3.1 | zasamuka, mawu olumikiza okha ndi atsopano |
| 3.1, kusankha alimi | 2.3 | yasamuka ndi kuwonjezeredwa |
| Tebulo 4 ndi 5 | Tebulo 3 | aphatikizidwa, manambala ndi omwewo |
| Chithunzi 2 | zowonjezera | chasamuka chabe |
| 3.2, ndime yomaliza | palibe | yachotsedwa, inkabwereza 4.1 |

Mbali yachitatu ija ndi imene imagwira ntchito. Kungonena kuti ichi chapita uko n'kosakwanira. Mkonzi akufuna adziwe ngati chapita chili chomwecho kapena chakhudzidwa m'njira. Ndipo mzere wa zochotsedwa musauzembe. Wowunika amene anaikonda ndime ina, kapena amene anafunsa funso pa iyo, akaisowa popanda mawu amaganiza kuti mwathawa funso lake.

Manambala ambiri sanasinthe, koma pa malo amodzi pasintha. Ndinene, kapena adzaona okha?

Nenani, ndipo pakhale ndime yakeyake. Ili ndi gawo limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse, chifukwa kusanja mwatsopano kumabisa zinthu ngakhale wolemba alibe cholinga chobisa. Pamene ndime zonse zasuntha, nambala imodzi imene yasintha siioneka.

M'chitsanzo chathu chija, tinene kuti wowunika woyamba anakumbutsa kuti alimi a m'mudzi umodzi amafanana: amagulitsa kwa mavenda omwewo, mvula ndi imodzi, mlangizi ndi mmodzi. Choncho anapempha kuti kuwerengera kuganizire za midzi, osati kutenga mlimi aliyense ngati woima payekha. Mwawerengeranso, ndipo zambiri zakhala momwemo, koma kusiyana kwa Chamama ndi Santhe pa nkhani ya msika kwachepa mphamvu. M'kalata lembani kuti alimi ofunsidwa ndi omwewo ndipo palibe amene wawonjezeredwa kapena kuchotsedwa. Kuti kuwerengera kwabwerezedwa motsatira ndemanga yakutiyakuti. Kuti mzere wakutiwakuti wa tebulo la msika wasintha. Ndiponso kuti mawu a m'chidule ndi a pomaliza mwawafewetsa kuti agwirizane ndi zimenezi. Chomalizachi anthu amaiwala kwambiri. Tebulo limakonzedwa, koma chidule cha pamwamba chimatsala chikulankhula mwamphamvu monga kale, ndipo mkonzi amayambira kuwerenga pomwepo.

Ngati palibe chasintha ngakhale chimodzi, neneninso m'chiganizo choonekera: zimene tinapeza kumunda, kuwerengera ndi zotsatira zonse zili monga zinalili. Koma musanalembe zimenezo, ikani matebulo akale ndi atsopano pambali n'kuyerekeza nambala ndi nambala, makamaka amene mwaphatikiza.

`Track Changes` ya mu Word yafiiritsa pepala lonse, silikuwerengeka. Ndingotumiza loyera?

Onani kaye zimene kalata ya chigamulo ikupempha. Majonolo ambiri amafuna mafayilo awiri, loyera ndi losonyeza zosintha, ndipo makina otumizira monga ScholarOne, Editorial Manager kapena OJS amakhala ndi malo oikapo lililonse. Ngati apempha, tumizani ngakhale lili lofiira. Word nthawi zina imazindikira ndime yosamutsidwa n'kuisonyeza ndi mtundu wobiriwira, koma mukasamutsa kenako n'kukonza mawu, kapena mukayerekeza mafayilo awiri ndi `Compare` ya pa `Review`, zina zimatha kungooneka ngati zofufutidwa apa n'kulembedwa mwatsopano apo.

Njira yothandiza owerenga ndi kupanga fayilo imene mwapaka mtundu pa mawu atsopano kapena okonzedwa okha, n'kusiya osamuka osapaka. M'kalata fotokozani kuti mwachita zimenezi ndi chifukwa chake. Ngati malamulo a jonolo sakunena zomveka, funsani ofesi ya mkonzi pa imelo tsiku lomaliza lisanayandikire.

Chenjezo kwa amene jonolo yawo imabisa mayina a olemba kwa owunika: chosintha chilichonse mu Word chimanyamula dzina la amene anachipanga. Pitani pa `File`, `Info`, `Check for Issues`, `Inspect Document`, ndipo chotsani za mwini fayilo zokha. Mukachotsanso gawo la ndemanga ndi zosintha, zizindikiro zonse zija zidzatha. Dzina lanu lisainidwe pa kalata ya mkonzi, osati pa mayankho a owunika.

Palibe wowunika amene anati ndisanje mwatsopano. Ndachita ndekha. Ndalakwa?

Simunalakwe, bola mupereke chifukwa chochokera m'ndemanga zawo. Nthawi zambiri wowunika sanena kuti "sinthani dongosolo", koma amafunsa zinthu zimene zili kale m'pepala, kusonyeza kuti sanazipeze pamene ankaziyembekeza. Lembani kuti ndemanga 2, 5 ndi 6 zakuonetsani kuti mfundo zinamwazikana, ndipo mwaona kuti kuzisonkhanitsa n'kwabwino kuposa kuyankha iliyonse ndi chigamba. Chimene simuyenera kuchita mwakachetechete ndi kusintha funso la kafukufuku. Ngati pepala linali la chifukwa chimene alimi akusiyira fodya, tsopano lasanduka la mitengo ya soya, limenelo ndi pepala lina, ndipo mkonzi ayenera kufunsidwa musanatumize.

Manambala a masamba ndi mizere ndigwiritse akale kapena atsopano?

Atsopano, a fayilo loyera, ndipo nenani zimenezo kamodzi pamwamba. Alembeni pomalizira penipeni, pepala litasiya kusintha, chifukwa chiganizo chimodzi chowonjezera chimasuntha mizere yonse ya m'munsi. Pamene ndemanga ikutchula tsamba lakale, yankho liyambe ndi kunena kumene ndimeyo ili tsopano.

Kusuntha magawo kumaphwanyanso tizinthu tina. Ngati jonolo imatsata kalembedwe ka Vancouver, maumboni amawerengedwa motsatira pamene atchulidwa koyamba, ndiye ndime ikasamuka manambala onse ayenera kukonzedwanso. Matebulo ndi zithunzi chimodzimodzi. Fufuzani mawu monga "onani pamwambapa" amene tsopano akuloza chinthu chili m'munsi, ndi mawu ofupikitsidwa amene kumasulira kwake kwatsalira kutsogolo. Anzathu a zaumoyo amene anatumiza mndandanda wa STROBE, uja wa mfundo 22 zoyenera kupezeka m'pepala la kafukufuku, aulembenso, popeza umatchula tsamba la mfundo iliyonse.

Mnzanga wina ndiye wathandiza kuwerengeranso. Ndingomuwonjezera pa mayina a olemba?

Ngati ntchito yake ikufika pa mlingo wa wolemba, muwonjezereni, koma kudzera m'kalata. Malangizo a COPE, bungwe loona za chilungamo pa kusindikiza kafukufuku, amati mkonzi afunse chifukwa chake ndi kutsimikiza kuti olemba onse avomera, ndipo majonolo ambiri ali ndi fomu yoti aliyense asaine. Tchulani dzinalo, zimene wachita, ndi kuti onse awerenga pepala latsopanoli n'kuvomereza. Poti masaini amachedwa, makamaka wina akakhala ku Bunda wina ali kumunda kumene netiweki imavuta, yambani kuwatolera msanga.

Nanga chigamulo chikanakhala `Reject and Resubmit`, choti pepala lakanidwa koma ndingalitumizenso nditalikonza?

Pamenepo pepala limalowa ngati latsopano ndipo limalandira nambala ina. Kalata yanu itchule nambala yakale m'mzere woyamba, kuti mkonzi alumikize mafayilo ndi kuona ngati angabwezere kwa owunika oyamba aja. Tebulo la malo akale ndi atsopano liikenimo ndithu. Ndipo pa chigamulo chilichonse, ngati kusanjaku kukuchedwetsani, pemphani masiku owonjezera tsiku loikika lisanadutse, chifukwa m'majonolo ena likadutsa khomo lotumizira limatsekeka ndipo pepala limayambiranso pachiyambi.