Musamangoyang'ana nambala 37 pa themometa

Chiyambire nthawi ya korona, nyumba zambiri kuno ku Lusaka zili ndi themometa, ndipo zimenezo n'zabwino. Chonditopetsa ku kiliniki ndi mawu awiri amene ndimamva mobwerezabwereza. Wina amati, "Yasonyeza 37.3, ndiye ndagula kale mankhwala a malungo." Wina amati, "Sinafike 38, ndiye tinayamba tadikira." Wachiwiriyu ndi amene amandiopsa.

Nambala 37, imene ambiri amati ndiyo kutentha kwa thupi la munthu wathanzi, inachokera kwa dokotala wa ku Germany, Carl Wunderlich, amene mu 1868 anafalitsa zomwe anapeza atayeza kukhwapa anthu pafupifupi 25,000. Inali nambala ya pakatikati chabe, osati malire a thanzi ndi matenda. Mu 1992 madokotala a pa yunivesite ya Maryland ku America anayeza m'kamwa anthu athanzi n'kupeza kuti pakatikatipo ndi 36.8. Anaonanso kuti munthu wabwinobwino amatha kufika 37.2 m'mamawa, koma madzulo mpaka 37.7.

N'chifukwa chiyani? Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa haipothalamasi kamene kamayang'anira kutentha kwa thupi, ndipo kamayendera usana ndi usiku. M'bandakucha thupi limakhala lozizirirapo kuposa nthawi ina iliyonse. Kenako limatentha pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 4 kapena 6 koloko madzulo. Kusiyanako kumakhala pafupifupi theka la digiri, mwa ena kuposerapo. Choncho bambo amene wayenda pansi kuchokera ku Soweto Maketi pa dzuwa la mu Okutobala, n'kuyeza 37.4 madzulo koma akudya bwino, alibe mutu kapena kuphwanya m'thupi, angomwa madzi, apume, ayezenso pakapita kanthawi. Kumwa mankhwala a malungo a pa kantemba magazi asanayezedwe n'kutaya ndalama, ndipo ngati pali matenda enieni, amatsala osadziwika.

Anthunso amasiyana. Mayi akafika nthawi imene dzira latuluka, mahomoni amakweza kutentha ndi 0.3 mpaka 0.5, ndipo kumakhala choncho mpaka atayamba kusamba. Ana aang'ono amatenthererapo. Okalamba ndiye amakhala ozizirirapo, ndipo akadwala thupi lawo silitentha mwamphamvu ngati la mnyamata.

Apa mpamene pali nkhani yomwe sindiiwala. Ambuya ena a zaka zoposa 70, a m'komboni ina, anayamba kufooka ndi kulankhula zosagwirizana. Mdzukulu wawo, mtsikana wosamala kwambiri, ankawayeza kukhwapa m'mawa uliwonse n'kumalemba m'kope: 37.0, 37.1, 37.1. Banja linati thupi silikutentha, mwina ndi ukalamba chabe, ena mpaka kutchula zaufiti. Anawagulira botolo la "mankhwala otsuka magazi" kwa munthu woyenda nawo khomo ndi khomo, n'kumawapatsanso panado.

Tiyeni tiiwerenge bwino 37.1 imeneyo. Kukhwapa themometa imasonyeza motsika ndi pafupifupi theka la digiri poyerekeza ndi m'kamwa, ndiye kuti anali cha pa 37.6. Munali m'mawa, nthawi imene thupi limayenera kukhala lozizira. Anali okalamba, ndipo okalamba ambiri akakhala bwino amasewera pafupi ndi 36. Onjezanipo panado, amene amatsitsa kutentha koma osachiza chimene chakuyambitsa. Ambuyawo thupi linali litatentha kalekale. Pofika kwa ife ankapuma ka 30 pa mphindi, pamene munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20. Chinali chibayo. Tinawatumiza ku chipatala chachikulu nthawi yomweyo, koma sanabwerereko kunyumba. Mdzukuluyo anandionetsa kope lija akulira: "Adokotala, taonani, sinafike 38." Iye sanalakwe kuyeza. Kungoti palibe anamuuzapo kuti kwa agogo, kusokonezeka maganizo ndi kupuma mwabefu n'zazikulu kuposa nambala.

Ndikupempha kuti muyeze aliyense wa m'nyumba mwanu ali bwino, m'mawa ndi madzulo, malo amodzimodzi, ndi themometa yomweyo, ndipo mulembe. Kukhwapa kukhale kouma. Musayeze m'kamwa mutangomwa tiyi. Kamfuti ka pamphumi kaja musakadalire munthu akangochoka pa dzuwa kapena pa mphepo ya mu Juni, chifukwa kamayeza khungu.

Kwa khanda losakwana miyezi iwiri, zonsezi za m'mawa ndi madzulo ziiwaleni. Likafika 37.5 kukhwapa, kapena likatsika pansi pa 35.5, kapena likakana bere, nyamukani nalo kupita ku chipatala ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku. Ndipo wamkulu amene thupi limamutentha madzulo aliwonse, akutuluka thukuta usiku, akutsokomola ndi kuwonda, asanene kuti ndi kusintha kwa tsiku kuja. Akapereke makhololo, amuyeze chifuwa chachikulu.